Galu ali pafupi kuswa: zizindikiro zake ndi nthawi yoimbira a vetenale

Funso limene anthu oweta agalu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amandifunsa mobwerezabwereza ndi lakuti, "Galu wanga wayamba kukumba pansi ndipo akukana chakudya, kodi aswa liti? Nanga ndidikire mpaka liti?" Kawirikawiri funsoli limabwera usiku, galu atavutika kale maola ambiri, ndipo wofunsayo sadziwa kuti kutchima kunayamba nthawi yanji. Nchifukwa chake ndaganiza zolemba zonse pamodzi kuti muwerenge tsikulo lisanafike.

Agalu ambiri amaswa okha popanda wowathandiza. Ntchito yanu yaikulu si kugwira galuyo ayi, koma kumuyang'anira ndi kusunga nthawi. Amene ali ndi wotchi ndi pepala amadziwa msanga kuti zinthu zalakwika, pamene wongoyang'ana ndi maso amazindikira kukacha, tiana titafera m'mimba.

1. Werengani masiku kuyambira tsiku limene anakweredwa

Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63. Koma mukawerenga kuyambira tsiku lokweredwa, akhoza kuswa tsiku lililonse pakati pa la 58 ndi la 68, chifukwa mbewu ya galu wamwamuna imakhala ndi moyo masiku angapo m'thupi la wamkazi, ndiye bere silikhazikika tsiku lomwelo limene munawaona atamatirirana. Mwachitsanzo, galu amene anakweredwa pa 3 Epulo amafika tsiku la 58 pa 31 Meyi, la 63 pa 5 Juni, ndipo la 68 pa 10 Juni. Akafika tsiku la 70, lomwe ndi 12 Juni, popanda chizindikiro chilichonse, a vetenale ayenera kumuona ngakhale akudya ndi kusewera bwinobwino.

Agalu athu ambiri amayenda momasuka, ndipo amakweredwa kangapo ndi agalu osiyanasiyana. Zikatero lembani tsiku loyamba ndi lomaliza limene munaona. Ngati simunaone konse, dalirani gawo lachitatu m'munsimu. Musadalire mkaka wokha. Galu wina amatulutsa mkaka kudakali sabata, wina tsiku loswa lomwelo, ndipo pali agalu ena amene amatupa mawere, kutulutsa mkaka ndi kukonza pogona pomwe alibe bere nkomwe.

2. Lankhulani ndi a vetenale galu adakali bwino

Apa ndi pamene ambiri timalephera, ndipo kuno kwathu ndi pamene moyo wa galu umapulumukira kapena kutayikira. Tikamati "a vetenale" timaphatikiza anthu awiri osiyana. Pali mlangizi wa ziweto wa boma amene amapezeka ku dera la zaulimi kapena ku dibi, amene amatemera agalu chiwewe ndi kubaya ziweto jakisoni. Palinso dokotala wa ziweto amene ali ndi chipinda chochitira opaleshoni, mankhwala ogonetsa ndi zipangizo zoonera m'mimba. Mlangizi akhoza kupima galu wanu, kuchotsa kamwana kamene katsakamira panjira, ndi kukuuzani ngati nkhani yakula. Koma galu amene akufunika kung'ambidwa kuti tiana tituluke amafunika malo ochitira opaleshoni, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimatanthauza ulendo wa ku Lilongwe, kumene kuli chipatala cha bungwe losamalira nyama la LSPCA ndi madokotala ena oyima paokha, kapena ku Blantyre kwa amene ali kumunsi kwa Ntcheu.

Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 80 pa msewu wa M1. Amene ali ku Lobi, ku Mayani, ku Golomoti kapena ku Tsangano awonjezerepo nthawi yokafika pa msewu waukuluwo, ndi yofunafuna galimoto usiku. Choncho galu akafika tsiku la 50, imbani foni. Funsani mlangizi ngati amayankha usiku ndiponso ngati angabwere. Funsani ku chipatala cha ziweto ngati amachita opaleshoni ya galu wolephera kuswa, nthawi zimene amalandira, ndi mtengo wake. Kambiranani ndi mwini galimoto amene angavomere kunyamula galu, chifukwa si madalaivala onse a minibasi amene amalola, ndipo galu amene akutchima sanganyamulidwe bwino pa kabaza.

Pali agalu amene nkofunika kuwanenera msanga chifukwa amavutika kawirikawiri: galu wamng'ono thupi amene anakweredwa ndi galu wamkulu, galu amene anagundidwapo ndi galimoto kapena kuthyoka m'chiuno, galu wonenepa kwambiri kapena wokalamba, agalu a mphuno yaifupi ndi mutu waukulu, ndi galu amene ali ndi chotupa chofiira chotuluka magazi pa njira yotulukira ana, chimene agalu amapatsirana pokwerana. Winanso ndi galu wa bere la kamwana kamodzi kapena tiwiri. Anthu amaganiza kuti ameneyu aswa mosavuta, koma kamwana kokhala kokha kamakula kwambiri, ndipo nthawi zina kuswa sikuyamba nkomwe.

3. Yezani kutentha kwa thupi kuyambira tsiku la 55

Palibe chizindikiro chodalirika kuposa ichi mwa zonse zimene mungathe kuona pakhomo. Gulani themometa ya manambala ku famase, ikhale ya galu yekha. Pakani vasilini kunsonga kwake, wina agwire mutu wa galu modekha, inu mukweze mchira nkulowetsa nsongayo masentimita awiri kotulukira chimbudzi mpaka italira. Yezani m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo lembani nambala iliyonse pamodzi ndi nthawi yake.

Galu wabwinobwino amakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Kuswa kukatsala pang'ono, michere ya m'thupi imene imagwira bere imatsika, ndipo kutentha kumatsika nako ndi digiri imodzi kapena kupitirirapo, kufika cha m'ma 37, mwinanso pansi pake. Mukaona zimenezi, yembekezerani kuti kuswa kuyamba pasanathe maola 24. Kutsikako kumakhala kwa maola ochepa kenako nambala imakweranso, ndiye woyeza kamodzi patsiku akhoza kuphonya. Musasokonezekenso ndi kusinthasintha kwakung'ono, monga 38.4 m'mawa ndi 38.1 madzulo. Chimene mukufuna ndi nambala yosiyana moonekeratu ndi za masiku apitawo. Pakatha maola 24 chitsikireni koma galu sanayambe kalikonse, imbani foni. Themometa ikaonetsa 39.5 kapena kupitirira, imeneyo ndi nkhani ina, galu akudwala, imbaninso.

4. Zindikirani gawo loyamba la kuswa, ndipo musamusokoneze

Pa gawo loyamba khomo la chiberekero likutseguka mkati, ndipo kunja simuona kutchima. Chimene muona ndi galu wosakhazikika. Amadzuka nkugonanso, amakumba pansi, amang'amba ziguduli, amapuma wefuwefu ngakhale kukuzizira, amanjenjemera, amayang'ana kumimba kwake ndi kunyambita kumbuyo. Ambiri amakana chakudya, ena amasanza kamodzi kapena kawiri. Pakhoza kutuluka chinanda choyera chotanuka, ndipo chimenecho sichoopsa. Gawoli limatenga maola 6 mpaka 12, koma kwa galu woswa koyamba likhoza kufika maola 24. Likapitirira pamenepo popanda kutchima, a vetenale adziwe.

Apa galu amafuna malo obisika, ndipo akasiyidwa amakalowa pansi pa nkhokwe kapena kukumba dzenje kuseri kwa khola, kumene simungathe kumuona kapena kumutulutsa zikavuta. Muzolowetseni malo amene mwasankha kudakali sabata: chipinda chouma chopanda mphepo, choyala ziguduli kapena mabulangete akale ochapa. Ana ndi agalu ena asalowemo. Galu wochita mantha amatha kuimitsa kuswa, choncho pakhale munthu mmodzi amene amamudziwa, atakhala chapatali ndi tochi, wotchi ndi pepala. Pafupi pakhale nsanza zouma zoyera, ulusi, lezala latsopano, sopo, magulovu ndi madzi akumwa a galuyo.

5. Kutchima kukayamba, lembani nthawi

Gawo lachiwiri limadziwika ndi mimba. Galu amagona chammbali kapena kunyonyomala ngati akufuna kuchita chimbudzi, mimba yonse imauma nkukankha, mchira umakwera. Nthawi zambiri nsupa imasweka ndipo pamatuluka madzi oyera kapena achikasu pang'ono. Lembani nthawi imeneyi, chifukwa chiweruzo chonse chichokera pamenepa.

Galu akamatchima mwamphamvu mosalekeza, kamwana kayenera kutuluka pasanathe mphindi 30. Pakati pa kamwana ndi kanzake nthawi zambiri pamadutsa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Kamwana kobwera chammbuyo, miyendo yakumbuyo ndi mchira zili patsogolo, si vuto kwa agalu, ndipo tiana tambiri timabadwa choncho. Chovuta ndi pamene mukuona mchira wokha popanda miyendo, kapena mwendo umodzi wokha. Nsengwa imatsatira kamwana kalikonse pasanathe mphindi 15, ngakhale nthawi zina tiana tiwiri timatsogola nsengwa zake nkubwera pambuyo. Werengani nsengwa ngati mungathe. Galu amazidya, ndipo sikoopsa, kungoti akadya zambiri amatsegula m'mimba.

Mayi akang'amba thumba nkumanyambita kamwana, musiyeni. Akakasiya m'thumba kwa mphindi imodzi, ng'ambani ndi zala kumaso, pukutani mphuno ndi kamwa, kagwireni mutu utaloza pansi pang'ono, ndipo kakhuteni kumsana ndi nsanza youma mwamphamvu mpaka katalira. Musakazunguze m'mwamba monga ena amachitira, kumeneko kumavulaza ubongo. Mayi akapanda kudula mchombo, mangani ndi ulusi masentimita awiri kapena atatu kuchokera pamimba pa kamwana, nkudula kutsogolo kwa mfundoyo ndi lezala latsopano.

6. Kusiyanitsa galu amene akupuma ndi galu amene walephera

Ili ndiye gawo lovuta, ndipo nditengapo nthawi. Galu akaswa tiana tingapo amatha kuleka kwa kanthawi, ndipo mwini wake sadziwa ngati wamaliza, akupuma, kapena walephera. Zitatuzi zimaoneka zofanana kwa munthu wotopa pakati pa usiku, koma zimasiyana mukayang'anitsitsa.

Galu amene akupuma amakhala wodekha. Amayamwitsa, amanyambita tiana, amamwa madzi, mimba siuma, ndipo nkhama zake ndi zofiirira bwino mukakweza mlomo. Kupuma kotere kukhoza kutenga maola awiri, ndipo agalu ena amafika anayi nkuswanso tiana tamoyo. Galu amene njira yatsekeka amatchima mwamphamvu popanda chotuluka, amalira, amaluma kapena kunyambita kumbuyo kosalekeza. Winanso ndi amene chiberekero chatopa: amatchima mofooka apo ndi apo, kenako amaleka, mimba idakali yaikulu. Ameneyu ndiye amanamiza anthu, chifukwa amaoneka ngati wagona, pomwe nsengwa za tiana totsala zikulekana ndi chiberekero ndipo tikusowa mpweya. Chimene ambiri sadziwanso nchakuti galu wotsekeka njira akatchima nthawi yaitali amatopa nkuleka. Kuleka kumeneko si kuchira ayi. Mukalemba nthawi mudzadziwa kuti bata limeneli labwera pambuyo pa kamwana kobadwa, kapena pambuyo pa kutchima kopanda kanthu.

Tiyeni titenge galu uja wokweredwa pa 3 Epulo, tinene kuti ali ku Lobi. Masiku onse themometa imaonetsa pakati pa 38.2 ndi 38.6, koma pa 3 Juni nthawi ya 10 koloko usiku yaonetsa 37.1. Kutacha wakana nsima, akukumba ndi kuwefuka tsiku lonse. Mwini wake atumize uthenga kwa mlangizi ndi kwa mwini galimoto masana omwewo kuti usiku uno akhale tcheru. Nthawi ya 9 koloko usiku wayamba kutchima, 9:25 kamwana koyamba katuluka, kachiwiri 10:10, kachitatu 10:50. Kenako phee, akuyamwitsa. Mwini wake akasisita mimba mopepuka, osafinya, akumva kuti mudakali zolimba mbali zonse ziwiri. Pofika 12:50 padutsa maola awiri. Amene ali pafupi ndi chipatala akhoza kudikirabe pang'ono, koma wa ku Lobi aimbe foni pomwepo, ngakhale galu akuoneka bwino, chifukwa ulendo wake wokha udya nthawi yotsalayo. Mwina mlangizi anena kuti amutulutse panja ndi chingwe ndi tochi akakodze, amupatse madzi, ndi kusiya tiana tiyamwe, poti kuyamwa kumadzutsa chiberekero. Tsono 1:15 galu wayambanso kutchima mwamphamvu. Pofika 1:35 palibe chooneka, mwini galimoto adzutsidwe. Pofika 1:45 palibe chotuluka, ulendo uyambike. Kudikira kuti kuche ndi kutaya maola ena anayi, ndipo tiana totsakamira sitipirira nthawi yotalika choncho.

Malire onsewa a mphindi 30 ndi maola awiri ndi chizindikiro chakuti galu akufunika wodziwa. Inu amene muli kutali, musadikire kuti malirewo apitirire.

Mtundu wa zotuluka umanenanso zambiri. Madzi obiriwira kapena obiriwira modera amachokera ku nsengwa ikalekana ndi chiberekero. Akaoneka kamwana koyamba katabadwa kale, ndi zachibadwa. Akaoneka kamwana koyamba kasanabadwe, ndiye kuti pali kamwana kamene mpweya wake ukuduka, ndipo muimbe nthawi yomweyo. Chimodzimodzi magazi ofiira oyenderera osati odontha pang'ono, mafinya, fungo lowola, nkhama zotuwa, galu wolephera kuimirira, kapena nsupa itasweka nkudutsa maola awiri popanda kamwana.

Poimba foni musangoti galu akuvutika. Nenani tsiku lokweredwa, nthawi imene kutentha kunatsika, nthawi imene kutchima kunayamba, tiana tingati tabadwa ndi nthawi ya komaliza, mtundu wa zotuluka, ndiponso ngati aka nkoyamba kuswa. Mukatha kujambula kanema wamfupi pa foni nkutumiza, a vetenale aona okha mphamvu ya kutchimako.

7. Zimene mungachite ndi manja, ndi zimene musayerekeze

Ngati kamwana kaonekera theka nkuima pamenepo kwa mphindi zingapo, mungathe kuthandiza. Sambani ndi sopo, valani magulovu, wina agwire mutu wa galu chifukwa ululu umalumitsa ngakhale galu wofatsa. Gwirani thupi la kamwana ndi nsanza yoyera, osati mwendo umodzi, mchira kapena chibwano. Kokani pang'onopang'ono pamene mayi akutchima, molozetsa pansi cha kumiyendo yake yakumbuyo, ndipo lekani iye akaleka. Mukayesa kwa mphindi zisanu osasuntha, siyani, nyamukani. Musalowetse waya, supuni kapena chida chilichonse.

Chimene ndikuchenjezani kwambiri ndi jakisoni wa okisitosini, amene ena amangomutcha jakisoni wofulumizitsa. Amafinya chiberekero mwamphamvu. Ngati njira ili yotseguka, dokotala amatha kumugwiritsa ntchito pa mlingo wochepa. Ngati kamwana katsekereza, chiberekero chimafinyira pa chinthu chosasuntha, nsengwa zimalekana, ndipo chikhoza kung'ambika galu nkufa. Aliyense amene akufuna kubaya jakisoniyu asanapime njira, mukanizeni mwaulemu. Musamwetsenso galu zitsamba zofulumizitsa, mafuta ophikira, panado kapena bulufeni. Mankhwala a anthu amenewa amawononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu. Ndipo musafinye kapena kuponda mimba.

Paulendo, mayi agone pa bulangete, tiana tobadwa kale tikhale m'katoni yapadera pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza. Musamudyetse chakudya panjira, poti mwina akagonetsedwa kuti achitidwe opaleshoni.

8. Akamaliza, yang'anirani masabata anayi oyamba

Galu amene wamaliza amakhazikika, mimba imaphwa, amagona tiana tili pamawere, ndipo pakapita maola angapo amafuna chakudya. Zotuluka zobiriwira kenako zofiira modera zimapitirira masabata atatu kapena kuposerapo, zikucheperachepera, zopanda fungo loipa. Koma akayamba kununkha kumbuyo, kutentha kupitirira 39.5, kukana chakudya kuposa tsiku limodzi ndi kusiya tiana, mwina mwatsala nsengwa kapena kamwana kakufa, ndipo chiberekero chagwidwa matenda. Aonedwe tsiku lomwelo. Bele lotupa, lolimba, lotentha ndi lotulutsa mkaka wamagazi kapena wamafinya likufunanso mankhwala msanga.

Vuto lina lopha mofulumira ndi kuchepa kwa kashiamu m'magazi, limene limagwira makamaka agalu ang'onoang'ono oyamwitsa tiana tambiri. Galu amawefuka, amanjenjemera, amayenda miyendo ili youma ngati waledzera, kenako amagwa nkumaphupha. Chotsani tiana pamawere ndipo thamangirani a vetenale, chifukwa chomupulumutsa ndi kashiamu wa mumtsempha wobayidwa ndi wodziwa. Galu wodya nsima yokha amatha msanga akamayamwitsa, choncho muwonjezereni usipa, mazira ophika kapena chakudya cha tiana ta agalu chogula, katatu kapena kanayi patsiku.

Tiana tobadwa mu Juni ndi Julaye ku mapiri a Dedza, ku Bembeke, ku Lizulu kapena ku Tsangano timafa ndi chisanu kuposa momwe anthu amaganizira. Sabata yoyamba sitingathe kudzifunditsa tokha, ndipo pogona pake pamafunika kufunda pafupifupi madigiri 30. Chotsani ziguduli zonyowa kuswa kukangotha, yalani zouma, tchingani mphepo ya pansi pa chitseko, ndipo ikani botolo la madzi ofunda lokulunga pambali, poti kamwana kangathe kuchokapo kakatenthedwa. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi, mpweya wake umapha tiana, mayi ndi munthu yemwe. Kamwana kozizira, kofooka ndi kosayamwa kafunditseni pang'onopang'ono pachifuwa panu mkati mwa malaya, ndipo musakamwetse kanthu mpaka katafunda nkuyamba kufunafuna bele kokha.